A Laisoni ndi Mawu Osanenedwa

Pa Golomoti panalibe munthu wovuta kumunamiza ngati a Laisoni okonza njinga. Sukulu analekeza Sitandade 6, koma nyuzipepala iliyonse yokulungira zitumbuwa ankaiwongola pabondo n'kuiwerenga yonse. Akatero ankafunsa kuti, "Nanga chimene akufuna tivomere osatiuza n'chiyani?"

Tsiku lina wailesi inalengeza malonda kuti alimi olemera onse amadzala mbewu yakutiyakuti, choncho gulani. A Laisoni anaseka mpaka sipanala kugwa. "Akuti mbewuyo ndiyo inawalemeretsa. Bwanji ngati amaigula chifukwa analemera kale?" Wofuna uphungu atanena pamsonkhano kuti, "Ndinabadwira konkuno, ndiye mavuto anu atha," iwo ananong'oneza mnzawo kuti, "Ndiye kuti wobadwira kuno saiwala kwawo? Amene anapitayu anabadwira kuti?" Akabaza ankawakonda, eni misonkhano ayi ndithu.

Kunyumba kwawo, kudambo pafupi ndi mtsinje, kunali akazi awo a Eneles, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Zaka zisanu a Laisoni ankawasambitsa ndi kuwakhazika pakhonde asanapite kuntchito.

Chaka cha madzi osefukira, mtsinje unalowa m'mudzi m'mawa, iwo ali pamsika. A Eneles anapezeka tsiku lachiwiri m'munda wa mpunga. Mayo ine, mmene bambo aja analirira!

Patatha mwezi, mwana wawo Fagness anawapeza atakhala duu, pepala lamafuta lili m'manja. Munali ndemanga ya mkonzi wa nyuzipepala: anthu akumadambo anachenjezedwa masiku atatu, sanasamuke, choncho imfazi n'zodziputira. Chiwerengereni, a Laisoni sankadya, njinga zinangounjikana.

Fagness anapsa mtima. "Bambo, inu nomwe mukumeza zimenezi? Wolembayu akuganiza kuti aliyense wochenjezedwa ali ndi kopita, ndiponso chonyamulira wodwala. Sananene chifukwa akudziwa kuti tikanamutsutsa. Ife tinali ndi ngolo? Kumtunda tinali ndi nyumba ya yani?"

"Wagwira, mwanangu," anayankha motsitsa. "Nkhani yakeyo ndinaigwetsa tsiku lomwelo. Si imene ikundidya."

Anapinda pepala lija pang'onopang'ono.

"Titamva chenjezo lija, amayi ako anandipempha kuti ndiwakweze panjinga, tikagone ngakhale pakhonde la tchalitchi. Ine ndinati zaka makumi anayi madzi sanafikepo pakhomo pano, choncho safika. Ukuona chimene ndinasiya? Ndinayesa mtsinje wa lero ndi womwe uja wakale. Chonsecho mchenga unadzaza ndikuona, mitengo kuphiri inatha ndikuona."

Fagness misozi inali chuchuchu.

"Akanakhala wandale ndikanamugwira asanatseke pakamwa," anatero a Laisoni. "Koma ndinanena ndine, ndipo amayi ako anangoti, 'Chabwino bambo, inu simunamizidwa.'"