Mawu onse anali pa dzina la bambo anga

Mnzawo wa bambo anga atamwalira ku Kroondal, ntchito yovuta inagwera ine. Awiriwa anabwera ku Joni adakali anyamata, anagwira limodzi pansi pa mgodi, ndipo anakalambira kunoko. Bambo anakwatira kumudzi ku Dedza, koma mnzawoyo anapeza mkazi wa Chitswana wa ku Robega. Tsopano mng'ono wa malemu anali atafika kuchokera ku Ntcheu kudzatenga thupi, pamene amayi amasiye ankati amuna awo agona kwawo kwa akazi. Maliro anaima, thupi lili ku mochale.

Akuluakuluwa ali ndi bungwe la maliro la anthu amene anapuma pa ntchito ya mumgodi, Amalawi pamodzi ndi anzawo a ku Lesotho ndi ku Mozambiki. Chiyambire mliri uja amakumana pa intaneti, m'Chingerezi. Msonkhano wotsiriza unachitika malemu asanagonekedwe m'chipatala, ndipo unakamba zomwezi: ndani anyamulidwe kupita kwawo, ndani aikidwe kuno. A tcheyamani a Amalawi anandiuza kuti ndilembe za msonkhanowo mwachidule m'Chichewa, ndikawerenge pa siwa mawa lake. Ndinafunsa za vidiyo. Anati mlembi anaifufuta malo atadzaza, chotsala ndi mawu amene makina analemba okha anthu akuyankhula.

Ndinakhala pa khonde kwathu ku Tlhabane masana, foni ili m'manja. Masamba anali ambirimbiri, msonkhano wa maola atatu. Mzere uliwonse unayamba ndi nthawi, kenako dzina, kenako mawu. Pamene munthu wapatukira ku Chichewa kapena Chisutu, makinawo analemba zachizungu zopanda mutu, pena osalemba kanthu. Ndinayamba ndawerenga mothamanga kuti ndione pamene nkhani ikusinthira, ndikulemba nthawi zake pa pepala. Mapemphero ndi malonje ndinadumpha. Kenako ndinasakasaka liwu loti kuika maliro, ndi kuwerenga bwinobwino paliponse pamene latulukira.

Pa chigamulo penipeni panalibe chogwira. Tcheyamani wamkulu wa bungwe lonse anati ovomereza akweze manja, kenako mzere wotsatira akuti zikomo, tipitirire. Manja salembedwa. Ndinaimbira mlembi, amene anandiuza kuti anagwirizana zoti munthu akamwalira, atsate zimene mwiniwake ananena ali moyo. Ndinalemba choncho, ndi kuikapo kuti izi ndamva kwa mlembi.

Chimene chinandiumitsa pakamwa chinali chakumapeto. Pansi pa dzina la bambo anga panalembedwa kuti amene anakwatira kuno aikidwe konkuno, kuwanyamula ndi kuvutitsa amoyo. Mng'ono wa malemu anali atamva kale za mzere umenewu kwa mwana wa malemu, ndipo dzulo lake anakana kupatsa bambo moni wa pamanja. Kwa iye, bambo anga ndiwo amafuna kuti mkulu wake afe mtchona mpaka m'manda.

Ndinapsa mtima. Bambo amenewa samaliza tsiku osatchula Dedza, ndiye angayankhule zotere bwanji? Ndinabwerera m'mbuyo kuwerenga zonse zolembedwa pa dzina lawo. Poyamba akuti aliyense apite kwawo. Patsogolo akufunsa za Asilamu a ku Mangochi, amene maliro awo sachedwa. Kenako akudzitsutsa okha. Munthu mmodzi sangakhale ndi pakamwa patatu. Apa ndinakumbukira kuti bambo ndi anzawo apafupi, poopa kutha kwa bandulo, amasonkhana m'nyumba mwathu onse kuzungulira foni imodzi, kumapatsirana ngati chikho. Makina sadziwa zimenezo. Amangolemba dzina la mwini foni.

Ndinawerenganso mzere uja pamodzi ndi yoyandikana nayo. Pang'ono pamwamba pake, wolankhulayo anati akazi ake ndi a ku Robega ndipo amudyetsa zaka zonsezi. Mayi anga sanakhaleko ku Robega. Ndinanyamuka kukafuna bambo.

Ndinawapeza bambo kuseri akupukuta nsapato zopita nazo ku siwa.

"Ababa, tsiku la msonkhano lija, malemu analipo muno?"

Sanadzutse mutu. "Foni ndi yanga, nyumba ndi yanga. Lemba mmene alembera."

"Koma si inu munanena."

"Iwe, pansi pa mgodi sitilozana chala. Ukufuna abale ake amve kuti anakana kwawo ndi pakamwa pake? Amutukwane ali m'bokosi? Bola atukwane ine."

"Nanga akamunyamula kupita kumene sanafune?"

"Aikona, usandifunse zambiri," anatero, nalowa m'nyumba.

Ndinawakwiyira, komanso ndinawamvera chisoni. Kwa anthu a msinkhu wawo, kukana kukagona kumudzi ndi manyazi aakulu. Koma ndikalemba dzina la bambo, mawu a malemu akanasanduka maganizo a munthu wapadera, ndipo thupi likanakwera galimoto.

Pa siwa anthu anadzaza mu tenti. Amayi amasiye anakhala pa matiresi atafunda bulangete. Mng'ono wa malemu anakhala kutsogolo, manja atapinda. A tcheyamani atandiitana, ndinapita kukaima kutsogolo. Ndinayamba ndi kunena kuti vidiyo sindinaione ndipo palibe angaionenso, kuti ndadalira zolembedwa ndi makina, ndipo zina zinatayika. Ndinawerenga mitu ya msonkhano, kenako chigamulo. Nditafika pa mzere uja ndinafotokoza za foni imodzi, ndipo ndinawerenga mawuwo onse, kuyambira pa mkazi wa ku Robega.

Mng'ono uja anadzuka. "Mwana iwe, ukufuna kuyeretsa abambo ako ndi munthu wakufa? Pepalalo likuti ndani?"

"Likuti bambo anga," ndinayankha. "Pepala silingandiuze zoposa pamenepa. Koma amene anali pa foni ija ali momuno."

Ndinayang'ana akuluakulu aja mmodzimmodzi. Mkulu wina wa ku Mangochi, amene ayenera kuti ndiye anafunsa za Asilamu, anayang'ana pansi. Anzawo ena anayang'ana bambo. Ndinaona kuti onse anapangana, ndipo palibe atsegule pakamwa bambo asanatsegule. Ndinaima pamenepo ngati wakuba, ndikudziwa kuti akakhala chete ndasanduka wabodza pamaso pa anthu onse, ndipo ndanyoza maliro.

Amayi amasiye ndiwo anatukula mutu. M'Chichewa chawo chothyokathyoka anati kwa bambo anga, "Alamu, ine sindinali pamenepo. Ndiuzeni."

Bambo anatenga nthawi kuti aimirire. Anavula chipewa, osandiyang'ana ine.

"Anali iyeyo," anatero. "Foni ndinamugwirira ndine, manja ake ankanjenjemera. Atamaliza anatipempha kuti kumudzi zisakamveke."

Mng'ono wa malemu anakhala pansi pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anaphimba nkhope ndi manja, ndipo patapita nthawi anafunsa ndi mawu otsika, osafunsa munthu aliyense, "Ndiye achemwali ndikawauza chiyani? Manda akumba kale."

Malemu tinawaika ku Robega Loweruka. Pobwerera, mu takisi, bambo anakhala pambali panga. Titadutsa Phokeng anati, maso ali pa zenera, "Wachita bwino, mwana wanga. Koma ine ndamupereka mnzanga."