Buledi wa mlongo wanga

Kontakita ikamanjenjemera sibisa mawu. Imalira kuti trrr ngati mano a munthu wa malungo. Ya mlamu wanga inkalira choncho, ndipo panelo, bokosi la maswitchi lomwe inalimo, ndinamanga ndine.

Mlamu wangayo, mwamuna wa mlongo wanga wamng'ono, ali ndi makina opalira matabwa ku Luwinga. Ine ntchito yanga ndi ya magetsi, ndipo mu Mzuzu muno wamagetsi amadyera dzina. Ukalakwitsa ku Masasa m'mawa, pofika masana a ku Nkhorongo amva kale.

Kontakita ndi switchi yoyendera maginito. Ukadina batani lobiriwira, magetsi amalowa m'koyilo ya waya wokulungidwa, maginito amakoka chitsulo, mota nkuyaka. Magetsi a m'koyilo akachepa, maginito amalimbana ndi sipuling'i, kugwira nkutaya, kugwira nkutaya. Timano tamkati timapsa, ndipo nthawi zina makina amangozima thabwa lili pakati.

"Alamu, chinthu chanu chija chayambaso," ankadandaula pafoni. "Chikusuzga chomene."

Ndinkasiya zonse nkukwera minibasi. Ndikafika mlongo wanga, amene amagulitsa matabwa pomwepo, ankandilonjera nkunena kuti, "Achimwene, musayambe ndi njala. Ndikagule buledi wa tiyi." Ankatuluka msangamsanga, ine mtima uli mʼmalo kuti mwana wa mayi anga amandikonda.

Ndiye chodabwitsa, ine ndikakhalapo kontakita inkakhala phee ngati mwana wakuba shuga. Mita ikayeza pa koyilo, mavoliti 230 ndithu. Ndinamanga masikuluwu onse. Ndinayeza batani lofiira, timano ta ovalodi yoteteza mota ndi timano togwiriziza koyilo ukachotsa chala pa batani. Ndinapukuta utuchi pa chitsulo cha maginito. Ndinawerenganso zolembedwa pa koyilo kuopa kuti mwina ndinaika ya mavoliti 400. Pomaliza ndinasintha kontakita yonse. Mlamu ataimirira pambali, manja kumbuyo, ankangothokoza kuti, "Yewo, alamu, yewo."

Yewo yomweyo ndinakaimva itatembenuka kutchalitchi. Panali ntchito yomanga panelo ya pampu ya madzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi yanga. Mkulu wa mpingo anandikokera pambali nkundiuza mwaulemu kuti apatsa wina. "Alamu anu omwe akudandaula kuti mumaika zipangizo zachinyengo," anatero. Zinandiwawa. Ndinadzikayikira ndekha, ine munthu wa imvi pantchitoyi.

Tsiku lina ndikuchokera kwina ndinangopatukira ku Luwinga osaimba foni. Mlongo wanga anali atapita kumsika. Makina ankapala, ndipo ndisanalowe ndinaimva, trrr. Inaleka. Kenako trrr. Pakhoma la mpanda pankaphethira kuwala kwa buluu, kochokera kwa mkulu wowotcherera zitsulo kuseri. Kuwala kukati phethi, kontakita trrr. Kuwala kukazima, kontakita phee.

Ndinatsegula panelo osalonjera munthu nkuika mita pa koyilo. Wakuseri akangogunditsa ndodo yake pachitsulo, mavoliti ankagwa kufika cha m'ma 170. Ndinatsata waya wobweretsa magetsi, ndipo kumbuyo kwa mulu wa matabwa ndinapeza chingwe chakuda cholumikizidwa pa fezi, waya wamoto womwe umadyetsa koyilo yanga, chitadutsa pansi pa mpanda. Waya wobweretsa magetsi kwa mlamu ndi wautali komanso wowonda. Sakanasenza mota ndi makina owotcherera pamodzi.

"Alamu, ichi nchiyani?"

"Aa, ni mnyane yula, tikungothandizana," anatero akuyang'ana utuchi. "Mukanadziwa mukanachotsa. Imwe malamulo mumawakonda chomene."

"Ndiye munasankha kuti ndikhale wakuba ndine?"

Anatembenukira ku makina ake. Koma mlamu ndi mlamu, sitinayamwe bere limodzi, ndipo mkwiyo wa iye ndikanaumeza. Chinkandivuta ndi funso limodzi: nanga bwanji ine ndikabwera wakuseriyo sankawotcherera?

Ndinazungulira mpanda kukamufunsa. Mkuluyo anakweza chigoba chake chakumaso nkuseka, osadziwa kuti akundilasa. "Alongosi anu amabwera kudzandiuza kuti ndipumuleko," anatero. "Amadzera pano akamakagula buledi."

Ndinabwerera nkukhala pa thabwa. Ndinakumbukira tiyi yense ndinamwa pamenepo, buledi wopaka majarini mbali zonse, ine nkumathokoza ndi manja awiri.

Posakhalitsa mlongo wanga analowa ndi dengu pamutu. Anaona ine, anaona matabwa atasunthidwa, anaona chingwe chili poyera. Anatula dengu pang'onopang'ono.

"Achimwene, mwabwera? Ndikagu…"

"Usavutike," ndinatero. "Wakuseriyo ndamuuza kale ndekha."

Anakhala pansi nkuphimba nkhope ndi chitenje. "Ndi bambo a ana anga," anatero. Ndinadikira kuti anenenso kena, kuti mwina akumbuke kuti inenso ndine wake. 

Ndinazimitsa magetsi, ndinamasula chingwecho nkuchiponya kuseri kwa mpanda. Nditayatsanso, kontakita inagwira kamodzi kuti kha, ndipo sinanjenjemerenso. Panelo ya pampu ya kutchalitchi anamanga wina. Kwa mlongo wanga ndimapitabe pakagwa maliro kapena matenda, koma akatereka madzi a tiyi ndimati ndadya kale.