Bango la Usumani pa Dziwe la Ng'ona

Chaka cha njala ya 1949, kufupi ndi Ulongwe, mnyamata Usumani anasiya dengu la mayi ake pansi, chiswe nkudya tako lake lonse. Mayi akewo, a Lukiya, anali oti m'mawa mwake apite kwa Apwitikizi kukasuma chimanga, ndipo dengu pakhomopo linali lomwelo. Popanda dengu, panalibe chakudya.

Agogo ake, anganga Abiti Sufiyani, manja anali atayamba kunjenjemera, koma pakamwa iyayi. Anamuuza ang'ambe bango louma panayi, apale zofewa za m'kati ndi mpeni, akaviike timizereto mpaka dzuwa lipendeke.

Tsono madzi anali atatsala pa dziwe limodzi, ndipo dziwelo linali ndi mwini wake, ng'ona imene inagwira mtsikana wotunga madzi mwezi womwewo. Ngwazi yathuyi inafika, inaponya mtolo m'madzi, inavuula, liwiro!

Kamzere koyamba kanathyoka. Kachiwiri chimodzimodzi.

"Bangoli waliviika kapena wangolipatsa moni?" anafunsa angangawo. "Tathyolanso tiwiri, amako akasenzere chimanga m'manja. Tiye."

Anapita onse, nkhalamba ikukwawira pandodo. Patali ndi dziwe inamuuza afukule mchenga mpaka madzi atuluke, agoneke bango m'dzenjemo, atsindire ndi mwala kuti lisayandame. Dengu nalo analikhazika momwemo, poti bango lakale likakhala louma limathyoka polowetsa latsopano.

Akudikira, Usumani anaona chipika pakati pa dziwe. Atayang'ananso, chipika chija chinali chitasendera, chili ndi maso.

"Anganga, tiyeni. Lafewa."

"Takulunga pachala."

Atalikulunga, bango linalira, nkuonetsa mng'alu.

"Silinafewe. Khala pansi. Iwe yang'ana bango, ine ndiyang'ane mnzakoyo."

Mnyamata anakhala pansi. Ankadziwa kuti iye angathawe, koma anganga akewo sangathe. Dzuwa litapendeka, mphuno ya ng'ona ili kale m'matope a m'mphepete, kamzere kanazungulira chala osalira. Ananyamula mtolo, dengu kumutu, nkhalamba pamkono, akubwerera chafutambuyo.

Pakhomo anadula zodyedwa zonse. Timizere toyamba anatilowetsa mozama m'zoluka zakale mbali iyi ndi iyo, khungu losalala kunja. Kenako topingasa: pamwamba, pansi, pamwamba, mzere wotsatira mosinthana, nsonga kuzibisa m'kati.

"Kanikiza ndi chala chachikulu. Likauma limanyala, mipata imatseguka. Ufuna nkhanga za m'njira zinenepe?"

M'mawa angangawo anathira mchenga wouma m'dengumo, nalikweza pamwamba pa mutu wa Usumani, nkuligwedeza. Mnyamata anatsinzina, kudikira mchenga m'maso. Sunagwe.

A Lukiya anakhuthula mchengawo, anaika nkhata pamutu, nkutsata anzawo.

"Dengu ukhoza," anatero anganga, "koma kabudula unanyowetsa ndi mantha dzuloyu ukachapire pa dzenje lathu lija."