Mzati Woyanikapo Zovala

Nyumba yathu imayang'ana kumsewu wafumbi wopita ku Simlemba. Bambo anga anaimanga ndi njerwa zootcha, makoma owongoka bwino, koma kumaso kwake kunali kodabwitsa: kumanzere zenera limodzi, kumanja chitseko, basi nyumba yathera pomwepo. Anzanga akusukulu ankati ikuoneka ngati munthu wa diso limodzi. Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa.

Bambo anamwalira ine nditayamba kale ntchito ku Boma. Patapita zaka, abale a mwamuna wofuna kundikwatira anatumiza mawu kuti adzabwera kudzaonekera kwathu fodya akangotha kugulitsidwa. Tulo tinandithera. Kwawo ndi kwa nyumba zapulasitala, ndiye adzaima pamsewu paja n'kunena chiyani? Ndinaitana mmisiri wa m'mudzi woyandikana nafe, ndipo ndinamuuza kuti agumule, chitseko chibwere pakati.

Anapita kukaima kumsewu, n'kuiyang'ana nyumbayo akukanda kumutu.

"Achemwali," anatero atabwerera, "pakati mukunenapo mkati mwake muli khoma la kuchipinda. Komanso mzati wapakatiwu uima pamaso pa chitseko penipeni. Mizati yapakhonde imafunika iwiri kapena inayi, kuti pakati pakhale mpata wolowera. Apa ilipo itatu."

"Ndiye chotsani umodzi."

"Malata akhonde alendewera. Ndiponso pafunika zenera lina kumanjaku, lofanana ndi linzake, mitu yake pamzere umodzi ndi mutu wa chitseko."

Ine ndinkaganiza kuti ndi ntchito yosuntha chitseko basi, koma chilichonse chimene tinkakhudza chinkakoka chinzake.

Nthawi yonseyi amayi anali m'chigafa, kusankha masamba a fodya. Sanadzutse n'komwe mutu pamene ananena kuti, "Chitsekocho musachikhudze. Chili kale pakati."

Ine ndi mmisiri tinayang'anana. Kunena zoona ndinaganiza kuti ukalamba wayamba kuwasokoneza, ndipo ndinapsa mtima. "Amayi, pakati pake pati? Maso tonsefe tili nawo!"

"Yezani," anatero amayi.

Mmisiri uja, mwina pofuna kuti tisakangane, anakhoma chikhomo m'mphepete mwa khonde moyang'anana ndi pakati pa chitseko. Anamangapo chingwe, n'kuchikoka mpaka pamzati wakumapeto kumanzere, n'kumanga mfundo. Kenaka anazungulira nacho kumanja. Chingwe chinapitirira ngodya ya nyumba, chinadutsa pabwalo pomwe nkhuku zimasamba fumbi, ndipo mfundo ija inakagunda mzati wa muwanga umene unkaima wokhawokha pamenepo.

Mzati umenewo ndinakula nawo. Tinkamangapo waya woyanika zovala, nthawi zina mbuzi. Sindinaganizepo kuti uli pachibale ndi nyumba.

Mmisiri anayeza mipata yonse: kuchoka pamzati woyamba kufika pa wachiwiri, wachiwiri kufika pa wachitatu, wachitatu kufika pa wazovala uja. Yonse inali yofanana. Anabwereka khasu, n'kupalasa pang'ono pansi, ndipo panatulukira mzere wa njerwa za maziko. Apo m'pamene ndinaonanso njerwa zotuluka ngati mano m'mbali mwa khoma lakumanja, zimene ndili mwana ndinkakwererapo pothyola mapapaya. Zinkadikira khoma lina kuti lidzalumikizane nazo.

"Mizati ndi inayi," anatero mmisiri chapansipansi. "Nyumbayi ndiye sinafike."

Ndinapita kuchigafa. "Amayi, bwanji simunandiuze?"

"Unandifunsa?"

"Nanga chipindacho chinalekekeranji?"

Anamanga kaye ndindi ya fodya imene inali m'manja mwawo, n'kuiika pambali. "Chinali chako. Njerwa tinaotcha, malata tinagula, ngakhale felemu ya zenera inalipo. Chaka chomwecho unasankhidwa kupita kusekondale, fodyanso anakanidwa kuokushoni. Bambo ako anagulitsa zonse, koma mzati anakana kuuzula. Chipindacho tinachitumiza kusukulu, mwanawe."

Mmisiri anafunsa ngati ayambe mawa, nanga ayambe chiyani. Kugumula sikunathekenso. Koma kumanga chipinda cha mwana wamkazi amene akunyamuka kupita kubanja, adzagonamo ndani? Amayi nawo sanandithandize, anangoti, "Nyumba ndi ya bambo ako, chipinda ndi chako. Uona wekha." Mpaka lero sindidziwa ngati ankafuna ndichimange kapena ndichisiye.

Alendo anabwera nyumba ili chomwecho. M'mawa wa tsikulo ndinasesa pabwalo, ndipo ndinapita kukamasula waya wa zovala uja kuti pamalo paoneke bwino. Ndili pamzatipo, amayi anandiitana kuchokera kumsewu, kumene anapita kukaona ngati alendo akubwera.

"Taima pomwepo kaye," anatero.

Ndinaima, waya uli m'manja. Anayang'ana zenera, anayang'ana chitseko, kenaka anayang'ana ine, ndipo anatenga nsonga ya chitenje n'kupukuta m'maso.