Nkhondo ya Mpando ndi Fumbi la Fodya

Ndili Fomu 3 ndinamenya nkhondo. Mdani wanga anali mnyamata wina wamtali wa ku Wimbe, amene ankandilanda mpando m'mawa uliwonse, ine n'kumaphunzira nditakhala pa njerwa. Ndinamupempha katatu. Iye ankangoti, "Iwe kafupi, njerwayo ndiye saizi yako."

Loweruka lina tikusankha fodya m'chigafa cha bambo, ndinasesa fumbi lotsalira pansi, lija loyetsemulitsa ngakhale mbuzi, n'kulimanga m'kapepala. Lolemba pa buleki ndinalithira m'kope mwake. Ndinaiwala chimodzi: kukatentha, mkuluyu amadzikupiza ndi kope.

Madamu a maphunziro achipembedzo anali pakati pofotokoza za nkhondo yachilungamo pamene iye anayamba kukupiza. Kalasi yonse inayetsemula. Mtsikana wina wofatsa wakutsogolo, amene ankandibwereka rula, anatuluka misozi ili chuchuchu. Wosayetsemula ndinali ine ndekha, poti ndinazolowera, ndiye madamu sanavutike kundigwira.

"Akuluakulu ankhondo," anatero madamu akupukuta mphuno, "Lachisanu anzanu akupita ku damu la Lifupa kukaona mvuu. Inu mawa mundilembere mfundo zitatu za phunziroli, muweruze nazo nkhondo yanuyi. Mukadzikondera, mutsala."

Mvuu ndinali ndisanaionepo. Ndinalemba motere:

"Choyamba, chifukwa choyenera. Nkhondo imaloledwa podziteteza, poteteza ena kapena pobweza cholandidwa, njira zamtendere zitalephera. Kulipsira si chifukwa. Mpando unali wanga, koma sindinakanene kwa aphunzitsi, ndipo ndinkafunanso kumuona akuvutika. Chachiwiri, muyeso. Zowonongeka zisapose zabwino zimene ukufuna kupeza. Mpando unali umodzi, phunziro la kalasi yonse linafa. Chachitatu, kuteteza anthu wamba. Osamenya nawo nkhondo sayenera kulingidwa, ndipo msilikali asankhe chida chosiyanitsa mdani ndi ena. Fumbi silisankha mphuno. Choncho nkhondo yanga sinali yachilungamo."

Madamu anawerenga kawiri, milomo ikunjenjemera pobisa kuseka.

"Ukumva chisoni?"

"Ndi wa rula uja yekha, madamu. Ndamupepesa kale."

"Nanga mwini kope?"

"Funso limenelo pa mayeso panalibe."

Anandipatsa tsache kuti ndisese kalasi sabata yonse, analamula wamtali uja abweze mpando, koma dzina langa sanalichotse pa mndandanda wa ulendo.

Lachisanu pa lole mdaniyo anandisungira malo pambali pake, ati kuti azindiona manja. Ku damu tinadikira nthawi yaitali, kenaka mvuu inavuuka n'kufwenthera madzi m'mwamba. Iye anandigunda ndi chigongono.

"Kafupi, imeneyonso waithira?"

Ndinaseka mpaka madamu anacheuka. M'thumba ndinali ndi kapepala kena, koma mphepo inkawombera kwa anthu wamba, ndiye ndinakasiya momwemo.