Tsiku Limene Ziguduli Zinakana Kuuma

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha. Ku shopu ya matelala aliyense ankangoti a Chiguduli. Anayamba ntchito pamenepo m'mutu mulibe imvi ngakhale imodzi, ndipo zaka makumi awiri zinatha akusesa tinsanza, kuthira oyilo makina khumi ndi awiri ndi kusintha malamba akaduka. Shopuyo inali chipinda chachitali cha malata, cha mazenera anayi ndi chitseko chimodzi. Kumapeto kwake kunali tebulo la simbi ziwiri za nthunzi.

Dzinalo analipata chaka china kutatentha kouma, koti milomo kung'aluka. Anaviika ziguduli m'ndowa n'kuzikoloweka pamazenera. Mphepo ikadutsa m'menemo inkalowa yozizira, ndipo choyezera kutentha cha pakhoma chinatsika kuchoka pa madigiri 37 kufika pa 31. Zigudulizo zinkauma msanga, moti ankaziviika kanayi pa tsiku. Telala wamkulu ankawaseka kuti akadzamwalira adzawakulunga m'chiguduli chonyowa, kuti kumene akupitako asakamve moto. Iwo ankangomwetulira. Sukulu sanapite nayo patali, koma apa panali chinthu chimene anachitulukira ndi mutu wawo.

Mwana wawo wamkazi woyamba atakula, anamupezera malo pa tebulo la simbi lija. Anali mtsikana wa mphamvu, wosadziwa khomo la chipatala.

Tsiku limene zinachitikalo, kamvula kanagwa m'mawa n'kuleka, dzuwa n'kutuluka, mphepo n'kuti zii. Kunali mayunifomu mazana awiri ofunika mawa lake, ndiye simbi zonse ziwiri zinkafuka nthunzi osapumira. Pofika teni koloko anthu anayamba kudandaula. Malaya ankamata pamsana, choko cholembera nsalu chinkakana kulemba, mikono inkakakamira pa tebulo. A Chiguduli anayang'ana pakhoma: 33 basi. Anawauza onse, ndi mwana wawo yemwe, kuti asachite ulesi, chifukwa anagwirapo ntchito m'chipinda chomwecho chili pa 37 osafa munthu.

Komabe anakoloweka ziguduli zawo. Masana atazikhudza, anapeza zili chinyowere ngati angozivuula kumene. Anaganiza kuti ndi mwayi, lero saziviika kawiri. Madandaulo atapitirira, anawaza madzi pasimenti ponse, n'kutseka chitseko kuti kuzizira kusathawe.

Cha m'ma thu koloko mwana wawo anaika simbi pa malaya n'kuiiwala pomwepo mpaka nsalu inanunkha. Anatembenuka n'kufunsa bambo ake ngati ana a sukulu atuluka kale m'madzi. Panalibe ana, panalibe madzi. Kenako anagwa chagada pakati pa madengu.

A Chiguduli atamugwira pamphumi anachotsa dzanja msanga. Thupi linali moto, diresi lonse litanyowa ndi thukuta. Anaitana dzina lake katatu, iye n'kumangobwebweta maso ali gwa. Bamboyo anangoti kakasi, ndowa ili m'manja, osadziwa kuti aithire kapena aitaye.

Amene anathandiza ndi wokonza mafiriji wa khomo loyandikana, amene anamva kukuwa kwa azimayi. Atangolowa anabwerera m'mbuyo ngati wamenyedwa mbama. Analamula kuti mtsikanayo amutulutsire pakhonde pamthunzi, anabwera ndi madzi oundana a mu firiji ina, anamuika m'khosi ndi m'khwapa, n'kumulozetsa fani. Galimoto ya mwini shopu inamutengera kuchipatala pamodzi ndi telala wamkulu. A Chiguduli anatsala pakhonde pomwepo.

Wokonza mafiriji uja anawapeza atakhala pa sitepe, akungobwereza kuti sikunatenthe, choyezera chinali pa 33. Anawagwira dzanja n'kulowa nawo m'shopu muja. Anatenga kapu yachitsulo, n'kuthiramo madzi ofanana kutentha ndi chipindacho, n'kuikamo choyezera chake. Anaponyamo kachidutswa ka madzi oundana, akutakasa. Kachidutswako kasanathe n'komwe, kunja kwa kapu kunachita mame. Choyezera chinali pa 28.

Anawafotokozera kuti mpweya umanyamula chinyezi chosaoneka, ndipo chinthu chikazizira kufika pa mlingo wina, chinyezicho chimasanduka mame pa icho. Mlingo umenewo ndi umene umaulula kuchuluka kwa madzi ali mumpweya. Masiku ouma aja, kapuyo ikanafunika kuzizira mpaka pa 10 kuti ichite mame. Anatuluka nawo pabwalo n'kuyesanso: mame anabwera pa 24. Kunjako kunali koipa kale, koma m'katimo munali moipa koposa.

"Achimwene, thukuta siliziziritsa munthu potuluka ayi," anatero. "Limaziziritsa pouma. Likamauma limachoka ndi kutentha kwa thupi. Mpweya wa muno unali utakhuta kale madzi. Ndiye thukuta la mwana wanu likanauma bwanji?"

A Chiguduli anayang'ana pamazenera. Anafunsa ndi mawu otsika ngati n'chifukwa chake ziguduli zinakana kuuma.

Mnzawoyo anavomera. Chiguduli ndi khungu n'chimodzimodzi, anatero: chikapanda kuuma sichiziziritsa kanthu. Lero zinangokhala ngati makatani otchinga kampweya kochepa kamene kakanalowa, nthunzi ya simbi n'kusowa potulukira. Madzi a pasimenti anangowonjezera. Sananene za chitseko, koma onse awiri anachiyang'ana.

A Chiguduli anakhala pansi, pasimenti ponyowa pomwepo. Zaka zonsezi ankakhulupirira kuti madziwo ndi amene ankabweretsa kuzizira, ngati mmene mchere umakoleretsera ndiwo. Ndi manja awo omwewa anamutsekera mwana wawo m'nthunzi, akuganiza kuti akumuchitira chifundo, ndiponso atamunena kuti ndi waulesi pamaso pa anthu.

Kuchipatala anapeza akazi awo ali kale pambali pa bedi. Namwino anati thupi linatentha mopitirira muyezo, ndipo akanachedwa kuliziziritsa bwenzi tikunena zina. Akazi awo atamva za chitseko sanakalipe. Anangowayang'ana, n'kutembenukira kwa mwana. Kuyang'ana kumeneko kunawapweteka kuposa mawu, ndipo sabata yonse ankadya ngati akutafuna nsanza.

Mtsikanayo anatsitsimuka madzulo omwewo, n'kutuluka patapita masiku atatu. Za ana a m'madzi sanazikumbuke. Bambo ake atayamba kupepesa, iye anawadula.

"Ababa, inenso ndinaona mutu ukuzungulira kuyambira m'mawa. Ndinaopa kukuchititsani manyazi. Musalire pano, anthu akutiona."

Atabwerera ku ntchito, a Chiguduli anapita okha kwa mwini shopu, munthu amene zaka makumi awiri sanamupemphepo kanthu. Anamuuza kuti simbi zituluke zipite pakhonde, ndipo khoma la kumapeto libooledwe aikepo fani yotulutsa mpweya. Mwini shopuyo anayamba kuzengereza, koma iwo sanachoke pakhomo la ofesi mpaka anavomera. Khomalo analiboola okha Loweruka, ndi hamala yobwereka.

Mwana wawo sanabwererenso ku simbi. Telala wamkulu anamuika pa makina apafupi ndi chitseko, ndipo pofika kumapeto kwa chaka anali akusoka makolala a malaya bwino kuposa amene anamuphunzitsa.