Mbewu Zinabwerera ku Lione

Fungo la dothi lofiira likangomenyedwa ndi mvula yodzalira limandibwezera kwathu ku Namacula, m'mphepete mwa tauni ya Lichinga, nthawi imene tauniyo inkatchedwa Vila Cabral. Anzanga akamva fungo limeneli amasangalala. Ine mpaka lero limandikumbutsa chaka cha njala.

Chaka chimenecho bambo anatengedwa ndi asipayo, apolisi a boma la Apwitikizi, kupita ku chibalo, kukakumba msewu kutali, ndipo sitinkadziwa tsiku lobwera. Tinatsala atatu: amayi, ine Bernado, ndi mlongo wanga wamng'ono Roza amene ankayamwa. Nkhokwe inatha msanga. Chimanga chambewu chimene chinkalendewera kudenga, chakuda ndi mwaye, tinachitsitsa chimodzichimodzi mpaka kutsala zingwe zokha. Amayi ankachapa zovala kunyumba ya Mpwitikizi wina, n'kubwerako ndi gaga pansonga ya chitenje. Mizere kumunda anapanga ndithu, koma chodzalamo panalibe. Chiyembekezo chathu chonse chinali pa amalume a Ndala, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yathu, amene anatumiza mawu kuchokera ku Lione kuti mvula ikagwa abwera ndi mbewu.

Mvula inagwa usiku wonse ndi m'mawa, masana n'kukata. Amayi anabereka Roza kupita kochapa, ine n'kundisiya pakhomo. Dzuwa litapendeka ndinamva anzanga akukuwa kuchulu kuti ngumbi zayamba kutuluka. Munthu amene sanagonepo ndi njala sangamvetse zimene mawu amenewo amachita m'mutu mwa mwana. Ndinatola chitini ndi katsache, n'kutuluka liwiro.

Kumapeto kwa bwalo ndinakumana ndi amalume. Anali chiimire, thumba lonyowa lili pamutu, miyendo yofiira ndi matope mpaka m'mawondo. Anati, "Odi!" Ndinawaona bwinobwino, maso athu anaphana. Mumtima ndinati ndibwera pompano, ngumbi sizidikira munthu. Ndinawalambalala ngati chitsa.

Sindinganame kuti mwambo sindinkaudziwa. Mlendo akaodira umayankha, n'kuthamanga kukamulandira katundu. Umamuyalira mphasa, umamupatsa madzi, akapuma ndiye umagwada chapatali, kuwomba m'manja n'kumupatsa moni. Akatero ndi pamene amamasuka kupereka malonje, kunena za kumene wachokera ndi chimene wadzera. Mlendo sadzitula yekha katundu, ndipo salowa m'nyumba imene sanalandiridwe. Zonsezi ndinkazidziwa monga ndinkadziwira dzina langa, koma tsikulo mimba ndiyo inkaganiza.

Ndinabwerako chitini chitadzaza, ndikuyimba. Ndinapeza amayi atakhala pansi pakhonde, miyendo tambalale, ngati pagwa maliro. Mayi woyandikana nafe ndiye anawauza. Anati pobwera kumadzi anakumana ndi amalume akubwerera, thumba likadali pamutu, ndipo atawachonderera anangoyankha kuti, "Ndapeza nyumba yopanda anthu." Amayi sanandimenye. Bola akanandimenya. Anangoyang'ana chitini changa n'kufunsa motsitsa mawu, "Tidzala zimenezi?"

Masiku otsatira anali owawa kuposa njala imene. M'mawa uliwonse nkhungu ikachoka tinkaona anthu ali chiweramire m'minda, akuponya mbewu m'mapando. Mizere yathu yokha inkamera udzu. Amayi anayenda khomo ndi khomo kupempha, koma nthawi yodzala aliyense amafumbata dzanja. Mkaka unayamba kuuma, Roza n'kumalira kulira kopanda misozi. Ndinkadzuka ndi mantha, kugona ndi mantha, ndipo anzanga akandiitana kuchulu ndinkabisala kuseri kwa nkhokwe yopanda kanthu ija.

Pamapeto pake amayi anagwira thadzi lathu limodzi lokhalo, analimanga miyendo ndi luzi n'kundipatsa. Mlandu wonyoza wamkulu supepesedwa chimanjamanja. Tinanyamuka tambala asanalire kachiwiri. Njira ya ku Lione inali yoterera, mitsinje itadzaza, ndipo tinagona pakhonde la anthu osawadziwa. Ponse pamene ndinkaterereka ndinkakumbukira kuti amalume anadutsa pomwepo, kupita ndi kubwerera, atasenza.

Akazi awo anatilandira bwino. Anandilanda nkhuku, anayala mphasa, anatipatsa madzi. Amalume anali pansi pa mtengo akukhoma mpini, ndipo sanatembenuke. Amayi anandikodola ndi chigongono. Ndinapita, ndinagwada m'matope, ndinawomba m'manja.

"Muli uli, amalume?"

Iwo anapitiriza kukhoma mpini. Ndinabwereza mokweza. Ntchentche inatera pa mwendo wawo, anaiingitsa, ine ayi. Anthu odutsa ankawapatsa moni, iwo n'kumayankha mosangalala pamwamba pa mutu wanga. Amayi sakanatha kutchula za mbewu, chifukwa malonje anali asanachitike. Anangokhala pamphasa paja, Roza akukoka bere louma, thumba lija likuoneka ndithu kudzera pakhomo la nyumba. Mawondo anachita dzanzi. Ndinayamba kudzikayika ngati ndilipodi, ndipo ndinalira mopanda manyazi.

Mthunzi wa mtengo utachoka pa ine, amalume anaika mpini pansi. "Ndili bwino, mphwanga. Kaya iwe?" Ndinangowomba m'manja. Anandituma kuti ndikatenge thumba lija. Ndinaligwira, ndinakoka, ndinatchinjiriza ndi bondo, koma silinasunthe n'komwe. Ana a pakhomopo anaseka. Iwo sanaseke.

Kenaka anapita kukakhala pamphasa, amayi anawapatsa moni, malonje n'kuyamba. Anafotokoza ulendo uja, akuyang'ana amayi osati ine. "Chemwali, tsiku lija kungolowa m'tauni ndinavula chipewa kwa mzungu aliyense, ndi katundu pamutu. Ndinapatukira m'ngalande kuti adutse. Msipayo anatokosa thumba langa ndi ndodo osandifunsa ngakhale dzina. Ndinkadzilimbitsa mtima kuti ndikafika kwa mlongo wanga ndikakhalanso munthu."

Amayi anawerama. "Mwanayu ndi wanu, achimwene. Mwakwiya, inde, koma mvula ikupita."

Nkhuku amalume analandira, n'kuuza akazi awo kuti aiphe tidye tonse, pakuti mlandu ukatha anthu amadyera mbale imodzi. M'mawa mwake anagawa mbewu. Nyemba anandisenzetsa ine, chimanga anasenza okha, ndipo anatiperekeza mpaka ku Namacula. Titayandikira nyumba ndinathamanga kutsogolo, ndinatula nyemba, n'kubwerera kudzawachingamira. Kulandira chimanga chija sindikanatha ndekha, koma anawerama kuti manja anga akhudze thumba pamene linkatsika.

Tinadzala mochedwa, anzathu atayamba kupalira. Nyemba zinatipulumutsa, koma chimanga chinabereka tiana tokhatokha, ndipo bambo pobwera anapeza Roza asanayambe kuyenda, miyendo ili ngati mapesi. Palibe amene ananditchulapo, koma ndinkadziwa masiku amene anatayika ndi amene anawataya.

Ndili mwana ndinkaona kuti amalume anali ouma mtima, kuti anaika moyo wa Roza pachiswe chifukwa cha mawu atatu. Lero ndakalamba, ndipo sindinganene kuti anachita bwino kubwerera ndi mbewu zija. Koma inenso ndaimapo pa makomo ambiri chipewa chili m'manja, anthu akundidutsa. Pa zinthu zonse zimene munthu uja anali nazo, chimene mzungu ndi msipayo anali asanamulande chinali moni wa mwana wa mlongo wake, ndipo moniwo ine ndinapita nawo kuchulu.